138 kuphatikiza 184 ikhala bwanji 230? Masamu a mafunde a magetsi

Wamagetsi atalumikiza mondondozana zipangizo ziwiri, rezisita ya maomu 30 ndi koyilo imene pa magetsi a m'nyumba imatsekereza karenti ndi maomu 40, n'kuzipatsa magetsi a mavoliti 230 a m'soketi, mita yake idzamuonetsa zachilendo. Pa rezisita idzawerenga mavoliti 138. Pa koyilo, imene ndi waya wokulungidwa kambirimbiri ngati wa m'kati mwa mota, idzawerenga 184. Pa zonse ziwiri pamodzi idzawerenga 230.

Mwana wa sitandade 4 akhoza kutsutsa pomwepo, pakuti 138 kuphatikiza 184 ndi 322. Mavoliti 92 apita kuti? Mita sinawonongeke, ndipo palibe waya wolumikizidwa molakwika. Nkhani yagona pakuti magetsi a m'soketi ndi funde, ndipo funde silifotokozeka ndi nambala imodzi. Kuti masamu ake ayende, mainjiniya amalemba fundelo ngati nambala ya magawo awiri, n'kuwerengera ndi magawo onse awiri, koma pamapeto n'kusunga gawo limodzi lokha. Njirayi imaoneka ngati chinyengo, koma ili ndi chifukwa chomveka, komanso ili ndi malire ake.

Funde lili ndi kukula, lilinso ndi nthawi

Magetsi ochokera ku majenereta a pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje wa Shire sayenda molunjika mbali imodzi ngati a batire. Voteji ya m'soketi imakwera kufika pafupifupi mavoliti 325, n'kutsika kudutsa pa ziro mpaka pa mainasi 325, n'kukweranso. Imachita zimenezi maulendo 50 pa sekondi iliyonse, kotero ulendo umodzi umatenga mamilisekondi 20. Nambala ya 230 imene anthu amaidziwa ndi voteji yokhazikika imene ingatenthetse ayironi mofanana ndi funde limeneli, ndipo imapezeka pogawa 325 ndi 1.414. Imeneyi ndiyo mita imaonetsa. Koma mita siinena kuti funde likufika pachimake nthawi yanji.

Nthawiyo ndiyo yabisa mavoliti 92 aja. Voteji ya pa rezisita imayendera limodzi ndi karenti: karenti ikakwera, nayonso imakwera. Koyilo ili ndi khalidwe lina. Imalimbana ndi kusintha kwa karenti, choncho voteji yake imakula kwambiri pamene karenti ikusintha mofulumira, ndipo apa ndi pamene karentiyo ikudutsa pa ziro. Zotsatira zake n'zakuti funde la pa koyilo limatsogola ndi kota ya ulendo, mamilisekondi 5. Pamene la pa rezisita lafika pachimake, la pa koyilo lili pa ziro.

Pa kamphindi kalikonse, mavoteji awiriwo amaphatikizana bwinobwino monga mwa masamu a ku pulayimale. Zimene siziphatikizana ndi nsonga zawo, chifukwa sizikumana. Pakufunika njira yolembera funde yonyamula kukula kwake ndi nthawi yake pamodzi.

Pedulo ndi chithunzithunzi chake

Munthu akaimika njinga pa sitandi dzuwa lili paliwombo, n'kumazungulitsa pedulo mosasintha liwiro, chithunzithunzi cha peduloyo pansi sichizungulira. Chimangopita kutsogolo, n'kubwerera, n'kupitanso. Kumapeto chimazengereza, pakati chimathamanga. Kayendedwe kameneka kakajambulidwa potsata nthawi, kamatulutsa funde losalala limene a masamu amalitcha kosaini. Kutalika kwa peduloyo kuchokera pa mulingo wa pakati kumatulutsa funde lina lofanana nalo, la saini, lochedwerapo ndi kota ya ulendo.

Choncho funde lililonse la mtundu uwu likhoza kuonedwa ngati chithunzithunzi cha muvi wozungulira. Utali wa muvi ndiwo kukula kwa funde. Liwiro la kuzungulira ndilo kuchuluka kwa maulendo pa sekondi. Kumene muvi unaloza poyambira ndiyo nthawi ya fundelo.

Ndi chithunzi chimenechi, chodabwitsa cha mita chija chimatha msanga. Mivi ya pa rezisita ndi pa koyilo imazungulira pa liwiro limodzi, koma yatalikirana ndi madigiri 90, ndipo mpatawo susintha. Poiphatikiza, tsinde la wina limaikidwa pa nsonga ya mnzake, ndipo muvi wochokera poyambira kufika kumapeto ndiwo mbali yaitali ya thirayango ya ngodya ya madigiri 90. Lamulo la Pythagoras limamaliza nkhani: 138 × 138 ndi 19,044, pamene 184 × 184 ndi 33,856. Kuphatikiza ziwirizo kumapereka 52,900, imene ndi 230 × 230 ndendende.

Kujambula mivi kumathandiza zipangizo zikakhala ziwiri kapena zitatu. Zikafika makumi, rula ndi pensulo zimalephera. Pamafunika nambala yochita ngati muvi, yoti n'kuiphatikiza, kuichulukitsa ndi kuigawa.

Nambala yotembenuza muvi

Nambala yotereyi inalipo kale, ngakhale inatulukira pa nkhani ina. Mu 1545 Gerolamo Cardano wa ku Italy analemba funso ili m'buku lake la Ars Magna: gawa 10 pawiri kuti magawowo akachulukitsidwa apereke 40. Palibe nambala wamba zimene zingatero, poti ngakhale 5 × 5 imangofika 25. Koma 5 + √−15 ndi 5 − √−15 zimakwanitsa zonse ziwiri. Vuto linali lakuti palibe nambala wamba imene ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe imapereka mainasi. Cardano sanaone phindu lake. Rafael Bombelli wa ku Bologna ndiye analongosola malamulo owerengera nambala zoterezi mu 1572.

Masiku ano a masamu amalemba chilembo i, ndipo lamulo lake ndi limodzi: i × i = −1. Nambala ngati 3 + 4i imatchedwa ya kompulekisi. Ili ndi gawo lenileni, limene pano ndi 3, ndi gawo longoganizira, limene ndi 4.

Tanthauzo looneka ndi maso linabwera ndi Caspar Wessel, woyeza malo wa ku Norway, m'kalata ya masamu imene inasindikizidwa ku Copenhagen mu 1799. Nambala 3 + 4i ndi muvi: masitepe atatu cham'mbali kumanja, anayi chokwera, utali wake 5. Kuchulukitsa ndi i ndi kutembenuza muvi ndi madigiri 90 motsutsana ndi kayendedwe ka wotchi. Muvi woloza kumanja, umene ndi 1, ukatembenuzidwa kamodzi umaloza m'mwamba, pa i. Ukatembenuzidwa kachiwiri umaloza kumanzere, pa −1. Lamulo lija la i × i = −1 likungonena kuti makota awiri a mkombero amapanga theka.

Gawo lenileni la nambala yotere ndi chithunzithunzi cha muviwo pa mzere wogona. Kutenga gawo lenileni ndi kuyang'ana pansi pa pedulo.

Chimene Euler anapeza

Chotsala ndi kuuzungulitsa muviwo. Mu 1748 Leonhard Euler, wobadwira ku Basel, anasindikiza fomula iyi:

e^(iθ) = cos θ + i sin θ

Chilembo e ndi nambala ya 2.718 ndi kupitirira, θ ndi ngodya. Fomulayi ikunena kuti e^(iθ) ndi muvi wa utali wa 1 woloza pa ngodya θ. Gawo lake lenileni ndi kosaini, longoganizira ndi saini.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Ekisiponenshiyo, imene imalembedwa e^(at), pomwe t ndi nthawi, ili ndi khalidwe limodzi lalikulu: liwiro la kusintha kwake ndi iyo yomwe kuchulukitsa ndi a. Ngati a ndi nambala wamba yoposa ziro, kusinthako kumaloza kumene muvi waloza kale, ndiye muvi umangotalika. Ngati a ili ndi i, kusinthako kwatembenuzidwa ndi madigiri 90. Nsonga ya muvi nthawi zonse imakankhidwira cham'mbali, osati kutsogolo kapena kumbuyo. Muviwo sungatalike, sungafupike. Umangozungulira.

Tsono funde la m'soketi, limene ndi 325 cos(ωt), likhoza kulembedwa ngati gawo lenileni la 325 e^(iωt). Chilembo ω ndi liwiro la kuzungulira. Mkombero umodzi ndi maradiyani 2π, pafupifupi 6.28, ndiye pa mikombero 50 pa sekondi ω ndi pafupifupi 314.

Wina angafunse kuti kudzivutitsa konseku n'kwa chiyani, pamene kosaini ilipo kale. Yankho lili m'malamulo a chilengedwe, amene ambiri amakamba za liwiro la kusintha. Liwiro la kusintha kwa cos(ωt) ndi −ω sin(ωt): kosaini yasanduka saini. La sin(ωt) ndi ω cos(ωt): saini yasanduka kosaini. Wowerengera amakhala akusinthanitsa ziwirizi ndi kusamala zizindikiro mzere uliwonse. Koma liwiro la kusintha kwa e^(iωt) ndi iω e^(iωt). Yabwerera momwe inalili, kungoti yachulukitsidwa ndi iω. Ntchito ya kalikulasi yasanduka kuchulukitsa basi.

Kuwerengera karenti sitepe ndi sitepe

Amene anafalitsa njirayi pakati pa mainjiniya a magetsi ndi Charles Proteus Steinmetz, wobadwira ku Breslau, amene anagwira ntchito ku kampani ya General Electric ku America. Anaifotokoza pa msonkhano waukulu wa zamagetsi ku Chicago mu 1893, chaka chomwe Arthur Kennelly analembanso za nkhani yomweyi. Mainjiniya mpaka lero amalemba j m'malo mwa i, chifukwa kwa iwo chilembo i chinatengedwa kale ndi karenti.

Pa rezisita ndi koyilo zija, lamulo la magetsi likuti voteji ya pa rezisita kuphatikiza ya pa koyilo zifanane ndi ya m'soketi pa kamphindi kalikonse:

R I + L (dI/dt) = 325 cos(ωt)

R ndi maomu 30, I ndi karenti imene ikufunidwa, dI/dt ndi liwiro la kusintha kwake, ndipo L ndi mphamvu ya koyilo, pafupifupi mahenire 0.127. Kuchulukitsa 0.127 ndi 314 kumapereka maomu 40 aja.

Sitepe yoyamba ndi kuchotsa 325 cos(ωt) n'kuikapo 325 e^(iωt). Yachiwiri ndi kuyerekeza kuti karenti nayonso ndi muvi wozungulira pa liwiro lomwelo, A e^(iωt), pomwe A ndi nambala ya kompulekisi yosadziwika. Popeza kupeza liwiro la kusintha ndi kungochulukitsa ndi iω, mbali ya kumanzere imasanduka (30 + 40i) A e^(iωt). Tsopano e^(iωt) ili mbali zonse ziwiri, ndipo imafafanizika. Nthawi yachoka m'masamu. Chatsala ndi ichi:

(30 + 40i) A = 325

Nambala 30 + 40i imatchedwa impidansi, ndipo utali wake ndi maomu 50. Pogawa, pamwamba ndi pansi pamachulukitsidwa ndi 30 − 40i. Pansi pamasanduka 900 + 1,600, imene ndi 2,500, ndipo yankho ndi A = 3.9 − 5.2i.

Nambala imodziyi yanyamula nkhani ziwiri. Utali wake ndi 6.5, kutanthauza kuti karenti imafika maampu 6.5 pachimake, amene pa mita ndi maampu 4.6. Ngodya yake ndi madigiri 53 pansi pa mzere wogona, kutanthauza kuti karenti ikuchedwa poyerekeza ndi voteji. Madigiri 360 ndi mamilisekondi 20, choncho madigiri 53 ndi pafupifupi mamilisekondi atatu.

Sitepe yomaliza ndi kubwezera kuzungulira kuja n'kutenga gawo lenileni. Kuchulukitsa (3.9 − 5.2i) ndi (cos ωt + i sin ωt), n'kusunga zopanda i zokha, kumapereka:

I = 3.9 cos(ωt) + 5.2 sin(ωt)

Wokayikira sayenera kukhulupirira ndi mtima wokha, akhoza kuyesa. R I ndi 117 cos(ωt) + 156 sin(ωt). L (dI/dt) ndi 208 cos(ωt) − 156 sin(ωt). Poziphatikiza, 156 ndi −156 zimathetsana, ndipo 117 ndi 208 zimapanga 325 cos(ωt). Mulibe i paliponse, ndipo lamulo lakwaniritsidwa.

N'chifukwa chiyani kutaya gawo lina sikuwononga kanthu

Apa ndi pamene ophunzira ambiri amakayikira. Mu waya mulibe karenti yongoganizira. Wowerengera waonjezera yekha chinthu chimene kulibe, wayenda nacho, kenako wachitaya. Zikutheka bwanji kuti chotsalacho chikhale choona?

Yankho lili m'zimene lamulo lija limachita kwa karenti. Limachita zinthu zitatu zokha: kuichulukitsa ndi nambala wamba monga R ndi L, kupeza liwiro la kusintha kwake, ndi kuphatikiza. Palibe chilichonse mwa zitatuzi chimene chimasakaniza gawo lenileni ndi longoganizira. Pophatikiza 3 + 4i ndi 1 + 2i, enieni amaphatikizana okha kupereka 4, ongoganizira okha kupereka 6. Pochulukitsa 3 + 4i ndi 30, gawo lililonse limakula palokha: 90 ndi 120. Liwiro la kusintha nalonso limapezeka gawo ndi gawo. Magawo awiriwa amayenda moyandikana ulendo wonse osakhudzana.

Choncho karenti ya kompulekisi ikalembedwa ngati x + iy, ikweshoni imodzi ija imang'ambika pawiri. Zopanda i zimati R x + L (dx/dt) = 325 cos(ωt). Zokhala ndi i zimati R y + L (dy/dt) = 325 sin(ωt). Yoyamba ndiyo funso limene linafunsidwa, ndipo x ndiye yankho lake. Yachiwiri ndi funso lina loona ndithu: karenti ikanakhala yotani voteji ikanakhala funde la saini, lochedwa ndi mamilisekondi 5? Gawo longoganizira ndi yankho lolondola la funso limenelo.

Ndiye palibe bodza limene lalowa m'masamu. Mafunso awiri oona amangidwa pamodzi chifukwa awiriwo ndi osavuta kuyankha kusiyana ndi limodzi. Kosaini payokha imasintha maonekedwe ikamafufuzidwa liwiro lake, koma ikakhala ndi saini pambali zimapanga muvi umene susintha maonekedwe. Pamapeto wowerengera amatenga yankho la funso lake, n'kusiya linalo. Akanayamba ndi saini, akanasunga gawo longoganizira, ndipo zikanayenda chimodzimodzi.

Mfundo yonse yatsamira pa zinthu ziwiri. Choyamba, ikweshoni ikhale ya liniya, kutanthauza kuti chofunidwacho chisachulukitsidwe ndi icho chomwe kapena ndi funde lina: voteji ikawirikiza kawiri, karenti iwirikizenso kawiri. Chachiwiri, nambala zochulukitsira za mu ikweshoni yoyambirira zikhale nambala wamba, zopanda i. Chimodzi chikasowa, magawo aja amayamba kulowererana.

Pamene njirayi imagwetsa anthu

Kulowererana kumeneku kumaoneka ndi nambala zazing'ono. Kuchulukitsa 3 + 4i ndi iyo yomwe kumapereka −7 + 24i. Gawo lenileni ndi −7. Koma kuchulukitsa magawo enieni okha, 3 × 3, kumapereka 9. Kusiyana kwa 16 kwachokera ku 4i × 4i, imene ndi −16: gawo longoganizira lawoloka n'kulowa m'gawo lenileni. Pochulukitsa nambala ziwiri za kompulekisi, gawo lenileni la yankho silifanana ndi kuchulukitsa magawo enieni.

Pa magetsi msampha uwu uli pa mawati, chifukwa mawati ndi voteji kuchulukitsa ndi karenti, mafunde awiri. Wophunzira akangochulukitsa 325 e^(iωt) ndi A e^(iωt), amapeza muvi wozungulira pa liwiro lowirikiza kawiri, ndipo chithunzithunzi chake chimakhala nthawi yofanana kumanja ndi kumanzere. Avareji yake ndi ziro. Yankho limeneli likunena kuti rezisita sikudya magetsi, chikhalirecho ikutentha yosagwirika. Ichi ndicho chizindikiro chodziwira kuti masamu asokonekera.

Njira yosaphonya ndi kutenga magawo enieni kaye, kenako n'kuchulukitsa. Kuchulukitsa 325 cos(ωt) ndi 3.9 cos(ωt) + 5.2 sin(ωt) kumapereka zigawo ziwiri. Kosaini kuchulukitsa ndi kosaini sikukhala mainasi, ndipo avareji yake ndi theka. Kosaini kuchulukitsa ndi saini avareji yake ndi ziro. Chotsala ndi theka la 325 × 3.9, pafupifupi mawati 634. Pa ola limodzi imeneyi ndi mayuniti 0.63 pa mita ya magetsi olipiriratu.

Mainjiniya ali ndi chidule chofikira pomwepo. Amatembenuza chizindikiro cha gawo longoganizira la karenti, 3.9 − 5.2i n'kukhala 3.9 + 5.2i, n'kuchulukitsa ndi 325, n'kutenga theka. Gawo lenileni ndi 634, mawati aja. Gawo longoganizira, 845, likuonetsa mphamvu imene imangolowa m'koyilo n'kubwerera kumawaya osagwira ntchito. Mawaya amanyamula maampu 4.6 onse, ngakhale kuti magawo 6 okha mwa 10 a voteji kuchulukitsa ndi karenti ndiwo amasanduka kutentha. N'chifukwa chake malo okhala ndi mamota ambiri amaikamo makapasita, amene impidansi yake ili ndi gawo longoganizira la mainasi lothetsa la makoyilo.

Msampha wachiwiri ndi kufulumira. Wina akapeza A = 3.9 − 5.2i amataya 5.2i pomwepo n'kunena kuti karenti ndi maampu 3.9. Koma 3.9 ndi karenti ya pa kamphindi kamodzi kokha, pamene voteji ili pachimake. Muvi uyenera kuzungulira kaye, chithunzithunzi chitengedwe pambuyo. Fyuzi yosankhidwa potsata 3.9 ingakhale yosankhidwa pa nambala yolakwika.

Wachitatu uli m'zipangizo zenizenizo. Tchaja ya foni ili ndi madayodi, amene amalola karenti kudutsa mbali imodzi yokha, ndipo matchaja ambiri amakoka karenti mwa timaphindi tifupitifupi pamene voteji ili pafupi ndi chimake. Chipangizo chotere si cha liniya. Chimalandira funde la maulendo 50 pa sekondi, koma karenti yake imakhalanso ndi mafunde a 150, a 250 ndi ena. Pakatuluka liwiro limene silinalowetsedwe, muvi umodzi sungakwanire. Ntchito ya Joseph Fourier, imene inasindikizidwa mu 1822, imathandiza kuphwanya funde lopindikalo kukhala mafunde osalala ambiri, lililonse ndi muvi wake, koma dayodiyo payokha imafuna masamu ena.

Palinso malire ena ang'ono. Yankho la muvi ndi la magetsi amene akhazikika. Switchi ikangoyatsidwa pamakhala karenti ina yoonjezera imene imazilala pa liwiro lodalira L kugawa ndi R, pano pafupifupi mamilisekondi anayi. Pakatha ulendo umodzi wa funde imakhala itatsala pang'ono kutheratu.

Mafunde oyenda, ndi malo amodzi osiyana

Funde loyenda, monga la mawu mumpweya, la wailesi kapena la kuwala, limalembedwa e^(i(kx − ωt)), pomwe x ndi malo ndipo k ndi 2π kugawa ndi utali wa funde limodzi. Pamalo alionse pali muvi wozungulira, ndipo wa patsogolo umachedwerapo pang'ono poyerekeza ndi wa m'mbuyo. Kuchedwa kotsatizanaku ndiko kumaoneka ngati funde likuyenda. Akatswiri a fizikisi amakonda kulemba −iωt, mainjiniya +jωt. Mivi yawo imazungulira mosiyana, koma chithunzithunzi n'chimodzi, poti kosaini ya ngodya ndi ya mainasi ya ngodyayo n'zofanana. Chofunika n'kusasakaniza kalembedwe kawiriko m'masamu amodzi, apo ayi kutsogola kumasanduka kuchedwa.

Malire aja amagwiranso ntchito kuno. Timafunde ting'onoting'ono ta pa nyanja ya Malawi timadutsana n'kupitirira ngati sitinakumane, ndipo masamu a mivi amatifotokoza bwino. Mafunde a mwera akamafika pagombe n'kumapindika ndi kusweka, kutalika kwa funde kumakhala kukusintha liwiro lake lomwe, ndipo ikweshoni siikhalanso ya liniya.

Pali malo amodzi pamene gawo longoganizira silitayidwa n'komwe. Ikweshoni imene Erwin Schrödinger anasindikiza mu 1926, yofotokoza maelekitironi m'maatomu, ili ndi i m'kati mwake mwenimweni, ikuchulukitsa liwiro la kusintha. Ndi ya liniya, koma mfundo yachiwiri ija yasowa. Kusintha kwa gawo lenileni kumadalira longoganizira, ndipo kwa longoganizira kumadalira lenileni. Gawo lenileni palokha si yankho. Chimene chimayerekezedwa ndi zoyeza kumeneko ndi utali wa muvi kuchulukitsa ndi utali womwewo, umene umapereka mwayi wopeza elekitironi pamalo.

Wophunzira wa fizikisi kapena wa zamagetsi amene wakumana ndi e^(iωt) ayambe wayang'ana ikweshoni yoyambirira. Ngati mulibe i, ndipo mulibe pamene funde likuchulukitsidwa ndi funde, awerengere ndi nambala za kompulekisi mpaka kumapeto, abwezere e^(iωt), kenako atenge gawo lenileni. Akafika pa mawati kapena china chilichonse chochulukitsa mafunde awiri, atenge magawo enieni asanachulukitse. Ndipo yankho akalipeza, alibwezere mu ikweshoni ya kosaini ndi saini kuti aone ngati mbali ziwirizo zikufanana.